Kukonza dzina ndi lebulo ya chakudya cha banja chogulitsa kwa anthu opukwa kwawo

Banja likakhazikika m'dziko la eni n'kuyamba kuphika chakudya cha kwawo chogulitsa, makasitomala oyamba savuta kuwapeza. Amakhala anzawo ochokera dziko limodzi, ndipo amagula ngakhale botolo lilibe pepala lililonse, poti wophikayo akumudziwa. Zinthu zimasintha tsiku limene botolo lija liyenera kukaima lokha pa shelefu ya sitolo, popanda wolilankhulira. Apa ndi pamene pakhomo pamabuka mkangano. Makolo amafuna mbendera, mapu a dziko lawo ndi chithunzi cha agogo. Ana amene akulira kuchilendoko amafuna lebulo yoyera, ya mawu ochepa, yosachititsa manyazi akaitulutsa pamaso pa anzawo. Mabanja ambiri amathetsa nkhaniyi potenga theka uku theka uko, ndipo chimene chimatuluka sichikopa wamkulu kapena mwana.

Njira imene ndikufotokoza pano ndi yogawa ntchito m'malo mosakaniza. Za kwathu zikhale m'zinthu zochepa zimene munthu wopukwa amayang'ana pofuna kudziwa ngati chakudyacho n'chenicheni. Zamakono zitenge mbali yonse yotsala: kuwerengeka kwa zilembo, mtundu wa botolo, zimene lamulo limafuna. Kuti nkhani isakhale yam'mwamba, titsatira banja longoyerekezera limene limapanga sosi wa tsabola, adyo ndi mandimu m'mabotolo a mamililita 250. Mayi ndiwo amaphika, bambo amaperekera katundu m'masitolo, ndipo mwana wawo wamkazi ndi amene akukakamira kuti lebulo isinthe.

Choyamba: funsani chimene anthuwo amachisowa kwenikweni

Musanaitane wojambula, sankhani anthu khumi kapena khumi ndi asanu amene amagula kawirikawiri, ndipo muziwafunsa mmodzimmodzi. Mukawasonkhanitsa pamodzi, wamkulu akangolankhula ena onse amangovomera. Musawafunse ngati amakonda sosi wanu, chifukwa adzakuyankhani zaulemu. Afunseni za kale: kwanu munkamutchula kuti chiyani, ankaikidwa m'chiyani, ankaoneka bwanji akathiridwa pa mbale, ndipo n'chiyani chimene mungachione m'botolo n'kunena kuti ayi, uyu si yemwe uja. Funso lomalizali ndi limene limatulutsa zambiri, chifukwa munthu amalephera kufotokoza chimene amakonda koma salephera kutchula chimene chimamukhumudwitsa.

Lembani mayankho, kenako chongani zimene zatchulidwa ndi anthu ambiri. Pa banja lathu lija tinene kuti zinthu zitatu zabwerezedwa: dzina la sosiyo m'chinenero cha kwawo, njere za tsabola zooneka m'kati, ndi mtundu wake wofiira mopita kuchikasu. Palibe amene watchula mbendera. Zitatuzi ndizo zosakhudza, ndipo zilembedwe papepala limene aliyense m'banjamo wavomereza. Zisapitirire zitatu. Mukalola kuti zifike zisanu ndi ziwiri, ndiye kuti mwangolemba zofuna za makolo zonse n'kuzipatsa dzina latsopano.

Taonani kuti mayankhowa ayamba kale kulamula zina. Ngati njere ndi mtundu n'zofunika chotero, botolo liyenera kukhala loonekera m'kati, ndipo lebulo isakute botolo lonse. Mwana uja amafuna botolo lakuda chifukwa limaoneka lapamwamba, koma likanabisa chinthu chenicheni chimene wogula akufuna kuona asanatulutse ndalama.

Dziwaninso kuti ogula anu ali m'magulu atatu: amene anakulira kwawo, ana awo obadwira kuchilendo, ndi eni dziko amene angofuna kulawa. Simungawapatse onse mphamvu zofanana. Gulu loyamba liweruze za kukoma ndi dzina. Gulu lachiwiri liweruze za maonekedwe. Lachitatu lingokuuzani ngati lamva chimene chili m'botolo ndi kadyedwe kake.

Chachiwiri: kakomedwe kakhazikike lebulo isanabwere

Lebulo ndi lonjezo, ndiye chimene ikulonjeza chiyenera kukhala chimodzimodzi botolo lililonse. Mayi amene amaphika moyeza ndi dzanja ayenera kukhala pansi ndi sikelo, chilichonse chilembedwe m'magalamu. Tsabola wa kuchilendo sawawa mofanana ndi wa kwawo, ndipo amasintha malinga ndi nyengo komanso kumene wagulidwa.

Palinso nkhani ya chitetezo imene imakhudza kakomedwe. Sosi wotsekeredwa m'botolo amene azikhala pa shelefu osati m'firiji amafunika kukhala wowawasa mokwanira, muyezo wake wotchedwa pH, umene umatsika chinthu chikamawawasa kwambiri, usapitirire 4.6, chifukwa kupitirira apo kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum kamatha kukula m'malo opanda mpweya n'kutulutsa poizoni wakupha. Kuti afike pamenepo, opanga ambiri amawonjezera viniga, ndipo viniga akachuluka achikulire amazindikira pa supuni yoyamba. Banja lathu likhoza kuyesa kuchulutsa madzi a mandimu, amene ali kale m'kaphikidwe kawo, n'kuchepetsa viniga, kenako kupimitsa ku labotale ndi kulawitsanso gulu loyamba lija. Kupima ndi kulawitsa zonse zichitike musanalembe mndandanda wa zosakaniza pa lebulo.

Wina adzakuuzani kuti muchepetse kuwawa kuti eni dziko azigula. Musakhudze sosi woyambayo. Pangani wachiwiri wosawawa kwambiri, mumulembe momveka kuti ndi wofatsa, mumupatse chitsekero cha mtundu wina. Woyamba asunge dzina lake lopanda chowonjezera. Munthu wopukwa akagula botolo la dzina limene amalidziwa n'kupeza kuti lasukuluka, sadandaula kwa inu, amakauza anzake onse.

Chachitatu: mayina ndi awiri, musawasokoneze

Pali dzina la chakudya ndi dzina la malonda anu. Dzina la chakudya ndi limene aliyense kwanu amatchulira sosi wa mtundu umenewo. Limeneli si lanu, ndipo maofesi olembetsa zizindikiro za malonda kawirikawiri amakana dzina longofotokoza katundu. Koma liyenera kukhalapo, lolembedwa molondola m'chinenero chake, chifukwa ndi limene limaimitsa munthu wopukwa pakati pa sitolo. Dzina la malonda ndi limene limasiyanitsa botolo lanu ndi la banja lina lopanga sosi yemweyo, ndipo ndi limene mungalembetse.

Nkhani ya David Tran imaonetsa bwino kusiyanaku. Anachoka ku Vietnam pa sitima ya pamadzi yotchedwa Huey Fong, ndipo mu 1980 anayambitsa kampani ya Huy Fong Foods ku Los Angeles. Mawu akuti sriracha, amene ndi dzina la mtundu wa sosi wa tsabola amene kampaniyo imapanga ndipo anachokera ku dzina la tauni ya Si Racha ku Thailand, sanawalembetse kukhala ake, ndipo lero makampani ambirimbiri amawagwiritsa ntchito. Zimene anthu amazindikirira botolo lake ndi tambala wojambulidwa pamenepo ndi chitsekero chobiriwira.

Posankha dzina la malonda, zamakono zili ndi mawu ake. Dzinalo lizitheka kutchulidwa ndi mwini sitolo amene sadziwa chinenero chanu. Banja la a Pathak, limene linachoka ku Kenya n'kuyamba kugulitsa zakudya za chimwenye ku London m'zaka za m'ma 1950, linachotsa chilembo chimodzi pa dzina lawo n'kukhala Patak's kuti lisavute kutchula. Dzina linakhalabe la banja, anangolipeputsa. Inunso yesani motere: imbirani foni munthu wa m'dzikomo, mutchule dzinalo kamodzi, ndipo mumupemphe alilembe. Akalemba zoti sizingapezeke pofufuza pa intaneti, dzinalo likufunika kusulidwanso. Pewani mayina onga akuti kukoma kwa kumudzi kapena khitchini ya amayi. Amamveka okoma pakhomo, koma pa shelefu ya zakudya za anthu obwera mudzapeza ofanana nawo angapo, ndipo kuwateteza mwalamulo n'kovuta.

Mukapeza mayina awiri kapena atatu, fufuzani m'kaundula wa zizindikiro za malonda wa dziko limene mukugulitsamo. Katundu ndi ntchito zimagawidwa m'magulu 45 motsatira dongosolo la mayiko ambiri lotchedwa Nice. Masosi ndi zokometsera zili m'gulu 30, pamene jamu ndi ndiwo zamasamba zosungidwa zili m'gulu 29. Fufuzaninso kwanu kumene munachokera, poti mwina dzinalo ndi la kampani ina kale kumeneko. Kutengera dzina kapena maonekedwe a katundu wotchuka wa kwanu n'cholinga choti anthu aganize kuti ndi yemweyo ndi msampha umene mabanja ambiri amagweramo. Ogula amakopeka mwezi woyamba, kenako kalata ya maloya imafika.

Chinthu china chimene mabanja sakonda kukamba: dzinalo ndi la ndani? Ngati ndi dzina la banja kapena la agogo, lembani pangano pamene onse akugwirizana, lonena mwini wake ndi chimene chidzachitike wina akadzafuna kuchoka kapena bizinesi ikadzagulitsidwa. Patak's inagulidwa ndi Associated British Foods mu 2007, ndipo dzinalo linapita ndi kampaniyo.

Chachinayi: chizindikiro chimodzi chokha, chanuchanu

Apa ndi pamene mkangano wa mbendera umafika. Ine mbendera sindiilimbikitsa, ndipo zifukwa zake ndi zitatu. Aliyense angaiike, ndiye sikusiyanitsani ndi wina. Pakati pa anthu okhala kunja pamakhala ena amene anathawa boma la mbendera yomweyo, ndipo kwa iwo siikumbutsa kukoma kwa chakudya. Komanso chakudya sichidziwa malire a mayiko: sosi yemweyo mwina amadyedwa m'mayiko atatu oyandikana, ndiye mukaika mbendera imodzi mwauza anthu a mayiko awiri enawo kuti botololi si lawo.

Chimene chimagwira ntchito ndi kanthu kakang'ono kamene wa kwanu amakazindikira msanga koma mlendo amangokaona ngati chithunzi chokongola. Tambala wa David Tran uja anabwera chifukwa mwiniwakeyo anabadwa m'chaka cha tambala pa kalendala ya kwawo. Amene amadziwa kalendalayo amamva tanthauzo lake, amene saidziwa amangoti sosi wa tambala, ndipo onse awiri amakumbukira botololo.

Bwererani ku mayankho a poyamba aja. Tinene kuti anthu angapo anatchula supuni yamtengo ya mpini wokhota imene kwawo amatungira sosiyu. Chimenecho ndicho chizindikiro cha banja lathu. Tsono zamakono zilowe pa kajambulidwe kake: mizere yochepa, mtundu umodzi, choti chizioneka bwino ngakhale chitachepetsedwa kufika pa msinkhu wa chikhadabo. Chinthu chojambulidwacho ndi chakale, dzanja lojambula ndi lalero.

Chithunzi cha agogo chingagwire ntchito ngati ndi agogo anu enieni, ngati kaphikidweko ndi kawodi, ndipo ngati iwo kapena abale avomera. Chithunzi cha gogo wogula pa intaneti anthu amachitulukira. Njira ina yabwino ndi kutenga dzina la chakudya lolembedwa ndi dzanja la mayi n'kulisandutsa zilembo za pa lebulo, bola liziwerengeka. Koma sankhani chimodzi: supuni, nkhope kapena zolemba pamanja. Zonse zitatu pamodzi zimapikisana.

Chachisanu: yalani lebulo

Kutsogolo kwa botolo la mamililita 250 malo ndi ochepa, mwina masentimita 7 m'lifupi ndi 9 m'litali ngati mukufuna kuti sosi azioneka m'mbali. Pakhale dzina la malonda ndi chizindikiro pamwamba, dzina la chakudya m'chinenero cha kwanu m'zilembo zazikulu pakati, ndipo pansi pake mzere umodzi m'chinenero cha dziko limene mulimo wofotokoza chimene chili m'kati: sosi wa tsabola, adyo ndi mandimu. Kenako kuchuluka kwake. Basi. Dongosololi lili ndi tanthauzo: chinenero cha kwanu chikakhala chachikulu, mukuuza wopukwa kuti botololi lapangidwira iyeyo, ndipo mzere wapansiwo ukuitana mlendo popanda kumuika patsogolo. Mukatembenuza, wopukwa amaona ngati ndi katundu wa kampani yaikulu yongotengera.

Mitundu ikhale iwiri, kuwonjezera pa mtundu wa sosi weniweniyo umene ukuoneka m'galasi. Pewani zilembo zokhotakhota zimene ojambula ena amaika pofuna kuti chinthu chioneke chachilendo. Ana obadwira kuchilendo amadana nazo kwambiri, chifukwa zimaonetsa kwawo monga mmene alendo amakuganizira. Ngati chinenero chanu chili ndi zilembo kapena timizere tapadera, munthu wochidziwa bwino awerenge pepala loyeserera lochokera kwa wosindikiza, osati lapakompyuta pokha, chifukwa timizere timeneti timatha kusowa posindikiza. Dzina la chakudya lolembedwa molakwika limagwetsa zonse zimene mwamanga.

Kuseri kwa botolo ndi kwa lamulo, ndipo kumeneko chikhalidwe chilibe chonena. Malamulo amasiyana m'mayiko, choncho tsatirani a kumene mukugulitsa. M'mayiko a mgwirizano wa ku Ulaya, lamulo nambala 1169/2011 limafuna kuti zosakaniza zilembedwe kuyambira cholemera kwambiri kutsika m'munsi, kuti zinthu 14 zimene matupi a anthu ena amadana nazo zionetsedwe mosiyana ndi mawu ena, mwachitsanzo m'zilembo zakuda kwambiri, ndiponso kuti zilembo zing'onozing'ono zisachepere mamilimita 1.2 kutalika pa mapaketi ambiri. Ku United States zinthu zimene matupi amadana nazozi ndi 9, ndipo chitowe chinawonjezedwa mu 2023. Ku Ulaya pamafunikanso tsiku lothera, kasungidwe, dzina ndi adiresi ya wopanga. Masitolo akuluakulu amafuna timizere towerengedwa ndi makina polipira totchedwa bakodi, imene manambala ake amaperekedwa ndi bungwe la GS1. Siyani malo a zonsezi poyamba, nkhani ya banja itenge malo otsala.

Nkhaniyo ikhale ya ziganizo ziwiri kapena zitatu, ndipo inene zinthu zogwirika: amene anayamba kuphika, chaka chimene banja linasamuka, chimene sichinasinthe m'kaphikidwe. Mawu onga chikondi ndi mwambo ali pa botolo lililonse, ndiye palibe amawawerenga. Onjezerani mzere umodzi wa kadyedwe, wothandiza mwana wobadwira kuno amene amachita manyazi kufunsa, ndiponso mlendo.

Chitsekero nacho ndi mbali ya zamakono. Sosi wa njere satuluka pa kabowo kakang'ono, ndiye banja lathu lisankhe botolo la kukamwa kwakukulu lolowa supuni, lokhala ndi chomatira choonetsa kuti silinatsegulidwepo. Ngati muzitumiza pa positi, yesani kulongedza limodzi n'kudzitumizira nokha kuti muone ngati lifike losasweka komanso losadontha.

Chachisanu ndi chimodzi: nenani zoona za kumene chapangidwira

Chiyeso chimakhalapo chofuna kuti botolo lioneke ngati lachokera kwanu. Musagonjere. Lembani poyera kuti chapangidwa m'dziko limene muli, motsatira kaphikidwe ka banja lochokera kwakutikwakuti. Lamulo m'mayiko ambiri limaletsa kusocheretsa ogula za kumene chakudya chachokera, ndipo zithunzi nazo zimawerengedwa, osati mawu okha. Ku Ulaya, kuyambira mu 2020, mukaonetsa dziko limene chakudya chachokera koma chosakaniza chachikulu chili chochokera kwina, muyenera kunenanso zimenezo. Mayina ena ndi otetezedwa: tchizi sichingagulitsidwe kumeneko ndi dzina lakuti feta ngati sichinapangidwe m'madera ovomerezeka a ku Greece, ngakhale wopangayo atakhala Mgiriki weniweni. Fufuzani ngati dzina la chakudya chanu lili m'gulu limeneli.

Kunena zoona kumagulitsanso. Wopukwa amadziwa kuti katundu wochokera kutali amafika atakhalitsa m'njira, ndiye kumva kuti sosiyu waphikidwa pafupi, posachedwa, ndi anthu a kwawo, ndi chifukwa chogulira. Ngati pali chosakaniza chimodzi chimene mumaitanitsadi kuchokera kwanu, chitchuleni chokhacho ndi dzina.

Pomaliza: yesani pa shelefu, ndipo sinthani pang'onopang'ono

Musasindikize malebulo zikwi nthawi yoyamba, ngakhale wosindikiza atakuuzani kuti ambiri amatsika mtengo. Sindikizani ochepa a mitundu iwiri, mwachitsanzo mabotolo 60 mtundu uliwonse, yosiyana pa chinthu chimodzi chokha, monga kukula kwa dzina la chakudya. Pemphani sitolo imene imakudziwani kuti iike mtundu umodzi milungu iwiri, wina milungu iwiri yotsatira, pamalo omwewo ndi mtengo womwewo, ndipo pewani nyengo ya zikondwerero imene chilichonse chimagulidwa. Imani mamita atatu kuchokera pa shelefu muone ngati dzina likuwerengeka. Jambulani botolo pa foni, muchepetse chithunzicho, muone ngati supuni ija ikuzindikirikabe.

Zizindikiro zoti mwapendekera mbali imodzi zimamveka m'mafunso a anthu. Achikulire akanyamula botolo n'kufunsa ngati ndi sosi yemwe uja wa mayi aja, kapena ngati mwagulitsa bizinesi, ndiye kuti zamakono zadya zosakhudza zija; bwezerani dzina la chakudya pamalo ake ndipo chepetsani pepala kuti sosi aoneke. Ana awo akamagula popita kwa makolo okha koma osaika botololo patebulo anzawo akabwera, kapena eni dziko akamalitembenuzatembenuza n'kulibwezera pa shelefu, ndiye kuti lebulo yadzaza zakale ndipo sikufotokoza. Chotsani zokongoletsa, kulitsani mzere wofotokoza uja. Muziwerenga kwambiri amene abweranso kudzagula kachiwiri, chifukwa kugula koyamba nthawi zambiri kumakhala kongofuna kuthandiza wa kwawo.

Ngati muli kale ndi lebulo yakale imene anthu anaizolowera, ngakhale ili yosaoneka bwino, musaitaye tsiku limodzi. Mu 2009 kampani ya madzi a malalanje ya Tropicana inachotsa pa paketi yake chithunzi cha lalanje lobayidwa ndi kapaipi komwera, malonda anatsika ndi pafupifupi 20 peresenti, ndipo pasanathe miyezi iwiri inalengeza zobwerera ku paketi yakale. Ogula anu ndi okakamira zakale kuposa ogula madzi a malalanje, poti chimene akugula ndi chikumbutso. Banja lathu liyambe ndi kukonza kuseri kwa botolo ndi chitsekero, pa kusindikiza kotsatira lisinthe zilembo, ndipo supuni ilowe pambuyo pake, mtundu wa pepala lakale ukhalebe womwewo nthawi yonseyi. Pa mabotolo oyamba a maonekedwe atsopano matani kapepala kakang'ono pa chitsekero, m'chinenero cha kwanu, konena kuti lebulo yasintha koma wophika ndi kaphikidwe ndi zomwe zija, ndipo mukasiye pamenepo mpaka mabotolo akale atatha m'masitolo onse.